Manambala anga alowa mu Telegram ya kasitomala, akukana kuchoka

Wasikirini: Akuluakulu thandizeni. Dzulo ndikusintha sikirini, mayi wina anapempha kulowa Telegram yake pa foni yanga ya ntchito, ine osachotsa kachizindikiro ka Sync Contacts polowa paja. Pano manambala anga onse ali mu akaunti yake. Ndadina Delete Synced Contacts pa foni yake kawiri, achoka, kenako abwereranso. Mayiyo akubwera mawa ali moto.

Mfulashi: Clear data basi, muyikenso apu.

Gogo wa Mafoni: Ayi achimwene, manambalawo ali pa seva, Clear data imangopukuta za mufoni. Funso nali: pa foni yanuyo munatuluka mu akaunti ya mayiyo? Ngati simunatuluke, ndiyo ikuwatumizanso mukangofufuta. Tulukani kaye. Kenako pa foni yake onani Settings, Devices, pasatsale foni yachilendo. Mukatero pitani Privacy and Security, zimitsani Sync Contacts, ndiye mudine Delete Synced Contacts. Mukayamba ndi kufufuta sinki ili yoyaka, mukutunga madzi ndi dengu.

Wasikirini: Eee, sindinatuluke, ndinangotseka apu.

Chemwali wa Mabatani: Ine ndimangolanda apu chilolezo cha Contacts mu Permissions, nkhani yatha.

Gogo wa Mafoni: Zimenezo chemwali zimatseka zatsopano zokha. Zomwe zinakwera kale zimakhalabe komweko mpaka mutazifufuta.

Mfulashi: Inetu Clear data sinandigwiritsepo mwala.

Wamabatire: Musanadine chilichonse tulutsani fayilo ya .vcf ya manambala a mayiyo muisunge pena. Batani la Delete Synced Contacts silisankha, limasesa anu ndi ake omwe. A mufoni amabwerera akayatsanso sinki, koma amene anawasunga mu Telegram mokha sabwerera. Ine zinandionekera ndi bambo wina wamaoda. Macheza anatsala onse, koma mayina amene iye anawalemba anachoka, kunatsala mayina odzipatsa eni ake, wina kamtima chabe, wina chilembo chimodzi. Tinakhala mpaka mdima kutsegula macheza mmodzimmodzi kuti tidziwe uyu ndani. Sanandilipire.

Chemwali wa Mabatani: Chinanso, onani ngati manambala anu sanalowe m'buku la mufoni yake. Ngati alowa, akangoyatsa sinki akweranso.

Mfulashi: Ndiye afufute akaunti yonse atsegule ina, pambuyo pa Clear data.

Gogo wa Mafoni: Aise, akaunti ya mwini wake? Magulu ndi mauthenga ake onse apite chifukwa cha kuiwala kwathu? Ndipo izi muchite mayiyo ali pompo akuona, asadzati munamuwerengera mauthenga. Mukachita Clear data ayenera kulowanso, ndipo foni yongolowa kumene siloledwa kutulutsa zinzake mu Devices mpaka patapita maola 24.

Wamabatire: Nanga za Messenger alipo akudziwa? Wanga wina akuti anazimitsa sinki kalekale koma anthu a m'buku lake akumawaonabe.