Ndifotokoze bwanji kwa akuluakulu za kuchedwa kwa ntchito yomanga?

Moni nonse abale ndi alongo. Ndimayang'anira ntchito yomanga nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo, kuno ku Lilongwe, ndipo Lachisanu ndikuyenera kuuza akuluakulu a kampani kuti ntchitoyi ichedwa ndi masabata asanu ndi limodzi.

Chachititsa ndi chakuti zitsulo za denga zomwe tinaitanitsa kunja sizinafike, chifukwa wotigulitsa sanapeze ndalama zakunja pa nthawi yake. Makoma aima, koma mvula ikayamba tisanafolere sitingathe kuika magetsi, komanso tipitiriza kulipira lendi kumene katundu akusungidwa pakali pano.

Ndinalemba lipoti la masamba anayi, koma wondiyang'anira anandibwezera ponena kuti likumveka ngati ndikudziikira kumbuyo, popeza tsiku latsopano lomalizira linali kumapeto kwenikweni. Ndinayesanso kulifupikitsa, koma chifukwa cha kuchedwako chinasiya kumveka bwino.

Njira zokonzera ndili nazo ziwiri: kugula zitsulo konkuno pa mtengo wokwera kuti tichepetse kuchedwa ndi masabata anayi, kapena kudikira zakunjazo uku tikukonza ngalande ndi mpanda. Ine ndikuona kuti yoyambayo ndiyo yabwino, chifukwa mvula siyembekeza munthu.

Kodi ndiyambe ndi tsiku latsopano ndi ndalama zoonjezera, chifukwa chake chibwere pambuyo? Nanga ndipereke njira zonse ziwiri, kapena yokhayo imene ndikuikhulupirira? Chonde ndithandizeni, makamaka inu amene munaimapo pamaso pa akuluakulu ndi uthenga wotere.