Gini wofanana, koma mizere ya Lorenz ikudutsana: kodi ndalakwitsa pati?

Nabanda: Akuluakulu anzanga, ndikumaliza lipoti la kafukufuku wa ndalama zimene mabanja amapeza m'madera awiri a muno mu Harare, ndipo ndaima pa chinthu chimodzi. Nditasanja mabanja kuyambira opeza zochepa ndi kuwagawa m'magulu asanu ofanana kukula, dera loyamba magulu ake akutenga 5, 10, 15, 20 ndi 50 peresenti ya ndalama zonse, pamene dera lachiwiri akutenga 2, 8, 20, 28 ndi 42. Nambala ya Gini, yoyeza kusiyana kwa ndalama pakati pa mabanja, ikutuluka 0.40 konsekonse, koma mizere ya Lorenz, yosonyeza gawo la ndalama zonse limene mabanja atenga tikamawaphatikiza kuyambira pansi, ikudutsana pa mabanja 60 peresenti. Kodi ndilembe kuti maderawa ndi ofanana?

A Mwale: Mayi, ine ndikukayikira kasanjidwe. Mizere ikachita zachilendo, kawirikawiri pamakhala banja limene laikidwa pamalo olakwika, kapena ndalama za ZiG zasakanikirana ndi madola zisanasinthidwe. Mukakonza zimenezo, mwina kudutsanako kutha.

A Phiri: A Mwale anena zoona pa nkhani ya ZiG ndi madola, ndipo muyenera kulemba m'lipoti mtengo umene munasinthira, koma kudutsana kwa mizere si chizindikiro cha cholakwa. Kasanjidwe kolakwika kamadziwika mzere ukapindika mobwerera, gulu lapamwamba n'kutenga zochepa kuposa lapansi pake, ndipo manambala anu akukwera bwino lomwe. Ndawawerengeranso. Mukamaphatikiza, dera loyamba likupereka 5, 15, 30, 50, 100 ndipo lachiwiri 2, 10, 30, 58, 100.

```
G = 1 - 0.2*(0.05+0.20+0.45+0.80+1.50) = 0.40
G = 1 - 0.2*(0.02+0.12+0.40+0.88+1.58) = 0.40
```

Gini amangoyeza kukula kwa malo amene ali pakati pa mzere wowongoka, umene ungatuluke mabanja onse atapeza zofanana, ndi mzere wa Lorenz wokhota ngati uta, osati mbali imene utawo wafufumira. Malo amene dera lachiwiri lataya kumunsi lawabweza kumtunda, n'chifukwa chake nambala yafanana.

Tsono yang'anani pamene pali mimba ya utawo. Mzere wa Lorenz umatalikirana kwambiri ndi mzere wowongoka pamene pali mabanja opeza ndalama zofanana ndi avereji, ndiye kuti gulu lotenga 20 peresenti. M'dera loyamba gulu limenelo ndi lachinayi, kutanthauza kuti magulu atatu onse apansi ali pansi pa avereji chifukwa gulu lapamwamba latenga theka la ndalama zonse. M'dera lachiwiri ndi gulu lachitatu; apakati ali bwinoko, koma magulu awiri apansi atsala ndi 10 peresenti yokha pamene anzawo a dera loyamba ali ndi 15. Mukagawa gawo la gulu lapamwamba ndi la gulu lapansi mupeza 10 m'dera loyamba ndi 21 m'lachiwiri. Choncho musalembe kuti ndi ofanana, komanso musalembe kuti lina laposa linzake, pakuti mizere ikadutsana yankho limadalira mbali imene mukuikapo mtima.

Mayi Chisale: Ngati ndamva bwino, ndiye kuti umphawi wakula m'dera lachiwiri, ndipo thandizo lipite kumeneko.

A Phiri: Ayi mayi, mzerewu sunena za umphawi. Banja lililonse litapeza kawiri ndalama zimene likupeza lero, mzere sungasunthe ngakhale pang'ono. Ngati ndalama zonse za dera lachiwiri zikuposa za loyamba katatu, 2 peresenti yawo ija iposa 5 peresenti ya enawo.

Mayi Chisale: Zikomo, ndinasokoneza. Komabe 2 peresenti imeneyo ikundidetsa nkhawa, chifukwa nditafunsapo ogulitsa malonda ku Mbare Musika, ambiri ankayankha kuti sapeza kanthu popeza salandira malipiro a pamwezi, ndipo ndalama zotumizidwa ndi abale a ku Joni sankazitchula mpaka titafunsa mwachindunji. Ziro zoterezi zimakokera mzere pansi kumayambiriro kwake.

Nabanda: Mwandikumbutsa chinthu chenicheni, mayi, pakuti ziro zilipodi m'dera lachiwiri ndipo funso la ndalama zotumizidwa linali kumapeto kwa fomu. Tili ndi manambala a zimene mabanja amawononga pa chakudya, lendi ndi mayendedwe. Kodi ndijambulenso mzere ndi amenewo?

A Mwale: Jambulani, koma musayerekeze Gini wa zowononga ndi Gini wa zopeza, chifukwa wa zowononga nthawi zambiri amatsika. Ndipo mugawe ndalama ndi chiwerengero cha anthu a m'banja musanasanje.

A Phiri: Muwerengerenso kuchokera ku banja lililonse, chifukwa magulu asanu amabisa kusiyana kwa mkati mwa gulu ndipo Gini amatuluka wocheperako. Koma ine sindingataye mzere wa zopeza. Opeza zambiri amasunga zina, ndipo zowononga zibisa theka lija la dera loyamba.

A Mwale: Pamenepo sitikugwirizana, a Phiri, popeza opeza zambiri ndiwo amabisanso kwambiri akafunsidwa zopeza.

Nabanda: Ndiyamba ndi mabanja olembedwa ziro mawa m'mawa, ndipo ndibweretsa mizere yonse iwiri kuti muione ndisanasankhe wolowa m'lipoti.