Uthenga wothokoza mutalandira ndalama za mbuzi: tiukonze bwanji?

Bambo a Chikondi, Ngabu: Anzanga a malonda a ziweto, ndithandizeni. Kasitomala wa butchala ku Blantyre anatenga mbuzi 60 pa K80,000 imodzi, zonse pamodzi K4,800,000. Lero kwalowa K4,200,000. Ndalemba chonchi koma sindinatumize: "Bwana wanga mwandipulumutsa, ndalandira ndalama zonse. Kunyumba kunali njala. Mulungu akudalitseni kwambirimbiri, musandiiwale, mbuzi zina zilipo."

Mayi a Tadala, Nchalo: Achimwene, musatumize. Mwalemba kuti mwalandira zonse pamene K600,000 sinabwere. Uthenga wothokoza umagwiranso ntchito ya lisiti. Mukadzafunsa zotsalazo mwezi wa mawa, iwo adzangokuonetsani mawu anu omwe pa foni. Lembani ndalama yeniyeni imene yalowa, tsiku lake, ndi katundu amene ikulipira. Komanso mwaona balansi ku banki, kapena mwangoona uthenga wa pa foni? Uthenga wotere munthu akhoza kuulemba yekha. Tsimikizani kaye kenako muthokoze.

Bambo a Chikondi: Balansi ndaona, zalowadi.

Achimwene a ku Bangula: Ine ndikuona kuti za ngongole zisalowe m'menemo. Munthu wakupatsani mamiliyoni anayi, inu pompo n'kumukumbutsa zotsala? Thokozani lero, zotsalazo mufunse pakatha sabata.

Mayi a Tadala: Pa ulemu mwanena zoona, lero si tsiku lolonjerera ngongole. Koma kutchula chabe chiwerengero si kulonjerera. Mukakhala chete sabata yathunthu, a maakaunti awo akhoza kutseka invoisi ija ngati yatha. Ndipo taonani masamu: K600,000 kugawa ndi K80,000 zikupereka mbuzi zisanu ndi ziwiri ndi theka. Zikanakhala mbuzi zofera m'lole pokwera Thabwa, ndalama yodulidwayo ikanakwana ndendende pa mbuzi zathunthu. Ndiye mwina adula za thiransipoti, mwina msonkho, mwina angolipira gawo loyamba. Simukudziwa, choncho funsani mosaloza chala. Ngati mbali ina ndi msonkho umene wogula amadula n'kukapereka ku MRA, pemphani satifiketi yake, chifukwa popanda pepalalo mulibe umboni woti munadulidwa.

Atsibweni a ku Makhanga: Wanga wa nsomba zouma sanalipire mpaka pano, miyezi yapita. Ndimulembere uthenga womwewu?

Mayi a Tadala: Ayi atsibweni, wanuwo ndi wokumbutsa ngongole. Yambitsani nkhani yake padera.

Agogo a ku Dyeratu: Chondivuta ine ndi cha njalacho. Wogula akamva kuti kunyumba kwanu kulibe ufa, ulendo wotsatira adzabwera ndi K65,000 pa mbuzi podziwa kuti simukana. "Mwandipulumutsa" akusandutsa malipiro kukhala mphatso, chonsecho mbuzi munapereka. Yamikirani chimene munthuyo wachita bwino, monga kulipira pa tsiku limene munagwirizana. Chiganizo chimodzi chakwana. "Bwana wanga" muchotse, muwatchule Bambo ndi dzina lawo. Lembani chonchi:

"Mwaswera bwanji Bambo Uje. Ndikutsimikiza kuti lero ndalandira K4,200,000 ku akaunti yanga, ya mbuzi 60 zimene munatenga ku Ngabu. Zikomo kwambiri polipira pa nthawi yake, ndimasangalala kugwira nanu ntchito. Invoisi inali ya K4,800,000, ndiye kwa ine kukuoneka kuti kwatsala K600,000. Ngati pali zimene zinadulidwa, chonde ndidziwitseni kuti mabuku athu afanane. Lisiti ndatumiza limodzi ndi uthengawu."

Pa lisitipo mulembenso K4,200,000, osati ya pa invoisi.

Achimwene a ku Bangula: Agogo, mwachotsa Mulungu, mwachotsanso zoti mbuzi zina zilipo. Wauma kwambiri. Kuno kwathu kuthokoza kopanda madalitso kumamveka ngati kwa ku ofesi.

Agogo a ku Dyeratu: Za mbuzi zina zidikire kufikira K600,000 itamveka mutu wake. Mukazitsatsa pano, mukuuza munthu kuti akhoza kutenganso asanamalize zakale. Za madalitso zitengera amene awerenge. Ngati ndi mwini butchala amene mumadziwana, "Mulungu akudalitseni" kamodzi kumapeto sikulakwika. Ngati uthengawo upita kwa a maakaunti, asiyeni.

Mayi a Tadala: Ine ndingaike madalitsowo pa foni, pakamwa. Muwaimbire madzulo, mucheze, koma uthenga wolembedwa upite poyamba lero lomwe. Musautumize ngati mawu ojambula, chifukwa ziwerengero zimafunika kuoneka ndi maso. Ndipo upite kwa iwo okha. Chithunzi cha ndalamazo musachiike pa gulu lililonse.

Achimwene a ku Bangula: Ine ndikanalembamo ndithu madalitsowo. Bambo a Chikondi, amene anatumiza ndalamayo ndi mwiniwake kapena kalaliki?

Bambo a Chikondi: Kalaliki, koma nambala imene ndili nayo ndi ya mwiniwake.