Kontirakiti yatha, girachuwite akukana kundipatsa

Bambo a Tadala: Abale, thandizeni maganizo. Ndagwira zaka ziwiri ngati dalaiva pa kampani ina ku Makata, kontirakiti inatha pa 30 Juni. Ndime 9 ikuti ndilandira girachuwite, koma mpaka lero zii. Bwana woona za antchito akungoti bwerani mawa, yemweyo anandidula K20,000 ya tayala lophulikira pa Chichiri. Alandilodi ku Chilomoni andipatsa sabata imodzi, akazi anga sakundiyankhula. Nditani?

Mfumu ya ku Ndirande: PITANI KU KHOTI BASI! Anthu amenewa samva zonyengerera. Ine a kampani ya alonda anandidyera severansi ya zaka 6.

Nachisale: Achimwene, zanuzo ndi zina. Severansi ndi ya wochotsedwa ntchito, osati yemwe kontirakiti yake yangofika kumapeto. Bambo a Tadala, tilembereni ndimeyo momwe ilili. Maperesenti angati, ndipo a ndalama ziti?

Mfumu ya ku Ndirande: Mayi inu ndinu loya wa kampaniyo kapena?

Jimmy Kabaza: Za akunyumbazo zisiyeni, ndalama ikalowa ayamba okha kukuitanani dadi.

Bambo a Tadala: Ikuti 15 peresenti ya besiki ndikamaliza bwino kontirakiti. Ndimalandira K520,000.

Nachisale: Onani pa pesilipi, mwina K520,000 ndi pamodzi ndi alawansi ya nyumba. Ngati besiki ndi K400,000, pa miyezi 24 ndi K9,600,000, ndiye yanu ndi K1,440,000 msonkho usanachoke. Lembani kalata, mutchule ndime 9, tsiku lomwe kontirakiti inatha ndi chiwerengero chimenechi. Mukumbutsenso kuti lamulo la ntchito la 2000, gawo 53, likuti zonse zotsala zilipidwe pasanathe masiku 7. Kope lanu akudindireni. Akapanda kuyankha, pitani ku ofesi ya leba, iwo akalephera ndi pomwe mupite ku khoti la za ntchito.

Gogo Phiri: Koma ngati ankakudulani penshoni, iwalani. Wa penshoni salandira girachuwite, mwana wanga anamuuza choncho ku leba.

Nachisale: Agogo, imeneyo ndi girachuwite ya lamulo, ya anthu omwe sali pa penshoni. Iyi anailemba okha mu kontirakiti, pokhapokha ndimeyo itanena kuti penshoni ikulowa m'malo mwake.

Mfumu ya ku Ndirande: KALATA ZA CHANI? Aziika m'dirowa. Ine ndinalemba zinayi!

Bambo a Tadala: Chinanso, tsiku lobweza makiyi anandisainitsa pepala nditalandira ndalama za masiku a tchuthi. Sindinaliwerenge, minibasi imandisiya.

Nachisale: Aaa bambo, mukunena pano? Ngati likuti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu, nkhani ivutirapo. Kope muli nalo?

Jimmy Kabaza: Minibasi ya K1,440,000 imeneyo.

Bambo a Tadala: Linatsala komweko.