Atate ali pa makina osefa magazi, mapazi atupanso, ndiwapatse madzi ochuluka bwanji?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni, mutu wanga wazungulira. Atate ali ndi matenda a impso ndipo anayamba dayalisisi, kusefedwa magazi pa makina, mwezi wa 8, timapita Lolemba ndi Lachinayi. Ndine ndekha amene ndikuwasamalira kuno ku Kapata. Achimwene ali ku Lusaka, ntchito yawo ndi kuimba foni basi, ya takisi satumiza. Alamu anga akabwera amangofikira kundiuza kuti ndikuwapha atate ndi ludzu, kenaka amawapatsa maheu ine ndili ku msika. Ndikalankhula akuti ndine wamwano, pomwe zovala za odwala sanachapepo ndi tsiku limodzi lomwe. Tsono Lachinayi anasi anandikalipira kuti atate abwera atalemera kwambiri, ndipo ali pa makinapo anagwidwa tsemwe ndi kukokana kwa miyendo. Mapazi atupa, masilipasi sakulowa. Kutenthaku akulira madzi usiku wonse. Ndiwapatse angati patsiku?

aZulu a ku Mchini: Madzi ndi moyo! Impso ndi sefa, ndipo sefa imatsukidwa ndi madzi. Apatseni malita 5 patsiku muone ngati sadzuka. Mlamu wanuyo ali ndi nzeru.

Nasi Naphiri: Chonde musatsate zimenezo. Madzi ambiri amathandiza munthu amene impso zake zikutulutsa mkodzo bwinobwino. Mwana wanga, sunatiuze chinthu chachikulu: atate akukodza mochuluka bwanji pa tsiku lonse ndi usiku womwe? Muyeso wa madzi umachokera pamenepo.

Amake Dalitso: Alamu ndi otero kulikonse. Wanga anadikira maliro a amayi ndiye n’kubwera ndi galimoto kudzatenga mafiriji. Limba mtima mwana wa amayi.

aZulu a ku Mchini: Anasi mumangodziwa kuletsa. Ine impso inandivuta 2019, ndinamwa madzi ndi mandimu sabata ziwiri, kamwala kanatuluka, lero ndili gwa.

Mnyamata wa ku Chadiza: aZulu, inu munali ndi mwala, awa impso zaima. Mukuthira petulo mu ngolo ya ng’ombe 😂

Membala wobisa dzina: Za mkodzo sindinayezepo. Amapita okha kuchimbudzi, ine mwana wamkazi ndingawafunse bwanji zimenezo? Achimwene ndiwo akanachita, koma monga ndanena.

Nasi Naphiri: Manyazi ndikuwamvetsa, koma palibe njira ina. Apezereni chigubu chawochawo chotsuka bwino, muwauze kuti ndi adokotala atero. Mkodzo woyamba wa m’mawa ataye, kuyambira pamenepo wonse uzilowa m’chigubu mpaka m’mawa mwake. Kenaka muyeze ndi botolo la madzi la theka la lita limene simudzamweranso. Kawirikawiri timawerenga chonchi: mkodzo wa tsiku lonse, kuwonjezapo 500 ml. Tinene kuti atulutsa 300 ml, ndiye kuti amwe 800 ml tsiku lonse, omwe ndi makapu atatu apakati ndi pang’ono. Anthu amalakwa poganiza kuti tikunena madzi a pampopi okha. Tiyi alimo, phala lamadzimadzi lilimo, msuzi, thobwa, chivwende, ngakhale madzi omezera mapiritsi. Botolo limodzi la maheu la 500 ml ladya kale kupitirira theka la muyeso wonse. Chiwerengero chenicheni akakuuzeni a ku chipinda cha makina mukawaonetsa za mkodzozo, chifukwa nyengo yotentha kapena ngati akutsegula m’mimba amatha kusintha.

aZulu a ku Mchini: Makapu atatu mu Okutobala? Nkhuku yomwe imamwa kuposa pamenepo!

Natembo wa ku Katete: Ine amayi anga anadwala zomwezi. Chachikulu ndi kuwaletsa nyama, mazira ndi nsomba. Azidya zamasamba zokhazokha, chibwabwa chotendera, nyemba, nthochi, mapeyala. Amayi anakhala zaka 4 osafika pa makina.

Nasi Naphiri: Natembo, amayi anu anali asanayambe makina, n’chifukwa chake anawachepetsera nyama kuti impso zisatope msanga. Munthu akayamba dayalisisi zimatembenuka, makina amachotsako zomanga thupi, choncho dzira, nkhuku ndi nsomba yaiwisi amazifuna. Koma zimene mwatchulazo ndiye zoopsa kwa atatewa. Nthochi, mapeyala, nsinjiro, nyemba, tomato wambiri ndi mbatata zili ndi mchere wina wotchedwa potaziyamu wambiri, ndipo impso zikalephera kumutulutsa amasokoneza kugunda kwa mtima. Sachenjeza ngati mmene amachitira madzi potupitsa mapazi, nthawi zina munthu amangomva kufooka miyendo. Chibwabwa kapena repu mudule ting’onoting’ono, muwiritse m’madzi ambiri, madziwo mutaye, ndiye mukazinge. Mbatatesi chimodzimodzi. Ndipo thelele la chidulo ayi ndithu, madzi a phulusa aja ndi potaziyamu weniweni.

Natembo wa ku Katete: Chidulo anadya makolo athu onse. Koma chabwino, inu ndinu munaphunzira.

Amake Dalitso: Nanga ndiwo yotaya msuzi ikhala ndiwo? Odwala akana kudya muone.

Woyendetsa njinga ku Kapata: Ine ndili pa makina chaka chachitatu tsopano, ndiye ndikuuzeni za ludzu. Ludzu limabwera ndi mchere. Masiku amene ndinkadya kapenta wouma ndi soseji ndinkadzuka pakati pa usiku kukamwa kuli gwa, ndinkaba madzi mu ndowa ngati mwana. Nditasiya mchere wapambale ndi timakyubu tokometsera ndiwo, ludzu linachepa kwambiri. Muyeso wanga wa tsiku ndimathira m’botolo limodzi m’mawa. Ndikamwa tiyi, ndimataya madzi olingana ndi kapuyo kuchoka m’botolo. Likatha latha. Masana ndimayamwa ka ayisi kapena kuchukucha m’kamwa n’kulavula. Ndipo gulani sikelo. Kilo imodzi yowonjezera ndi lita imodzi ya madzi ili m’thupi. Tsiku lina ndinatuluka ndili 58, ndinabwerako ndili 62 ndi theka. Malita anayi ndi theka kuwakoka m’maola 4, BP inagwa, miyendo inakokana mpaka ndinalira pamaso pa anthu. Zimene zachitikira atate anu ndi zomwezo, anasi sanakukalipireni chabe.

aZulu a ku Mchini: Makina amenewo ndi amene amapha impso. Ukangoyamba sutuluka. Kuli munthu ku Lundazi ali ndi mizu, ndilembereni pambali.

Mnyamata wa ku Chadiza: Taona, pamapeto pake ndi malonda.

aZulu a ku Mchini: Iwe mwana, ndinabadwa usanabadwe. Adimini chotsani uyu.

Nasi Naphiri: Mizu, ndi mankhwala a ululu a burufeni ndi dikilofenaki, zonse ayi, zimamaliza ka mkodzo kamene katsalako. Funso lina: magazi amawatengera pati, ka paipi ka pakhosi kapena anawalumikiza mtsempha pamkono?

Membala wobisa dzina: Ka paipi, apa pansi pa khosi. Pulasitala inanyowa dzulo posamba, alamu ndi amene anawatungira madzi, ndinangoipukuta ndi thaulo. Lero akuti akumva kuzizidwa, mwina ndi malungo, ndimati ndikagule mankhwala.

Nasi Naphiri: Zimenezi ndiye ukanayamba nazo! Paipi imeneyo imalowa mu mtsempha waukulu wopita ku mtima. Pulasitala ikanyowa tizilombo timapeza njira, ndipo munthu wa paipi akamva kuzizidwa kapena kutentha thupi timayamba taganiza za paipiyo, malungo akayezetse komweko. Pulasitalayo osaimatula wekha, osatsegula zotsekera za paipiyo, osathirapo sipiriti kapena mafuta. Pita nawo ku chipatala lero lomwe, osadikira Lolemba, ndipo ukangofika unene kuti ali pa dayalisisi. Kuyambira pano azisamba kuchokera m’chiuno kutsika, kumtunda ndi kansalu konyowa. Ngati akulephera kugona chagada chifukwa cha befu, unenenso, ndiye kuti madzi afika m’mapapo.

Amake Dalitso: Uwaimbire achimwene akowo atumize ya takisi, uwauze kuti ndi gulu lonse lanena.

aZulu a ku Mchini: Kuzizidwa ndi kusowa madzi m’thupi, ine ndanena kale.

Membala wobisa dzina: Ndapeza wa njinga yamoto koma atate akukana kukwera, akuti adikire alamu abwere ndi galimoto 16 koloko. Za chigubu ndiyamba tikabwerako. Nanga mango? Mtengo uli pakhomo pomwe ndipo ayamba kupsa.