Thandizeni pa masamu a beti yaulere

Abale amene muli kuno ku UK ndipo mumapanga zobetcha mbali ziwiri zija, ndithandizeni chonde. Ndapatsidwa beti yaulere ya £10, ndikufuna ndiyiike kuti timu iwina pa ma odi 5.0, kenako ku Smarkets ndidine Lay pa 5.2 kuti timu yomweyo siwina, komishoni yawo ndi 2%.

Pomwe pandisokoneza ndi apa, beti yaulere ikawina sakubwezera £10 ija, umangolandira £40 yapamwambayo basi. Ndiye ine ndagawa 40 ndi 5.18, yomwe ndi 5.2 kuchotsapo 0.02 ya komishoni ija, ndapeza £7.72 yoti ndiike ku Lay, kutanthauza kuti andigwirira £32.42 mu akaunti mpaka gemu ithe. Timu ikawina nditsala ndi £7.58, ikaluza kapena kudrowa ndipeza £7.57 akachotsa komishoni. Koma mnzanga wakuntchito akuti ndigawe 50 osati 40, ine ndikawerengera njira yakeyo ndikuona kuti timu ikawina ndiluza ma pensi 50 ndi kanthu, ndiye akulakwitsa ndani?

Chinanso, Lay ikangogwira theka lokha gemu nkuyamba, mumatani, mumatenga ma odi atsopanowo kapena mumadikira? Ndalamayi ndi ya lendi, sindikufuna kuphonya.