Za rampu ndi zitseko za holo yathu ya kumudzi, tiyeze kaye tisanagule simenti

Mai Nangozo (wapampando): Abale anga a kuno ku Ntcheu ndi inu muli kutali, ndalama ya rampu ya ku holo ija yakwana gawo loyamba. Mmisiri wathu a Nyoni akuti akhoza kuyamba Lolemba, koma anaGama andiimbira kuti tidikire kaye. Fotokozani pompano aliyense amve, tisadzamve zoti komiti yadya ndalama

A Nyoni: Zikomo mai. Ine palibe chovuta apa, masitepe alipo atatu, ndingothira konkire pamwamba pake mbali imodzi kuti pasalale basi. Mamita awiri okha yatha, matumba ochepa. Ndapangapo zambiri zotere pamashopu

AnaGama: A Nyoni ndi ulemu wonse, zomwezo ndi zimene ndikuopa. Masitepe atatu aja lililonse ndi masentimita 15, ndiye khonde lakwera 45. Pa rampu, pakakwera sentimita imodzi pamafunika kutalika 12, ndiye amalemba 1:12, ndipo awa ndi malire, kutsetsereka kuposa apo ayi. 45 kuchulukitsa ndi 12 ikutipatsa 540, mamita asanu ndi masentimita 40. Ya mamita awiri yanuyo ndi pafupifupi 1:4, munthu wa pa wilitcheya akati akwere mateyala akutsogolo amanyamuka n'kugwa chagada

A Nyoni: Aaa mamita asanu?? ndiye tikumanga mlatho kapena rampu kkkk

A Yohane: Sekani a Nyoni koma ine amene ndimakhala pa njingayo ndi amene ndimadziwa. Pali ofesi ina kutauni anamanga ya mtundu wanu womwewo, ndimafika pansi pake n'kumadikira wodutsa kuti andikankhe, potsika ndiye ndimatsika chafutambuyo munthu atandigwira. Masitepe anali bwino chifukwa anthu amadziwiratu kuti andinyamula, pano amangoona rampu n'kumati bwerani bambo njira ilipo

Chikondi wa ku Joni: Ine ndalama ndatumiza kale, tangogulani wilitcheya yabwino ya a Yohane nkhani ithe, ndimaona ngati projekiti yake ndi imeneyo

Mai Nangozo (wapampando): Ayi Chikondi werenga mauthenga a m'mwamba mwana wanga. Njinga a Yohane ali nayo, vuto ndi kulowa mu holo. Komanso si iwo okha, kuli agogo oyendera ndodo, kuli mwana wa kwa a Maseko uja amabwera naye kusikelo

AnaGama: Tsopano kayezedwe kake, chifukwa 45 ija ndi ya pamasitepe pomwepo, koma rampu sithera pamenepo. Kutsogolo kwa holo nthaka imatsikira ku msewu, mukalunjika uko mukapeza kuti pomwe rampu ikathere ndi pansi kwambiri kuposa pamasitepe, 540 ija yosakwananso. Ndiye muyeze kuchokera pamwamba pa khonde kufika pa nthaka ya pamene rampu ikathere. Levulo yaitali chonchi tilibe, tengani payipi yoonekera mkati ija amisiri amalevulira maziko, dzazani madzi pasakhale thovu la mpweya. Wina agwire mbali imodzi pakhonde ataimika, wina mbali inayo pa ndodo yozika pomwe mukufuna rampu ithere. Madzi akadekha amakhala pa mulingo umodzi mbali zonse ziwiri. Yezani ndi tepi kuchokera pa simenti ya khonde kufika pomwe madzi alekezera, kenako uko kuchokera pa dothi kufika pomwe madzi alekezera, muchotsere. Chotsalacho ndiye kukwera kwenikweni

Aphunzitsi Jere: Ndili pafupi ndi holo, payipi a Nyoni ali nayo. Tipatseni kanthawi tikayeze ndi anyamata a fomu 4, masamu aphunzirire pomwepo

A Nyoni: Payipi ilipo, imeneyo ndiye ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Koma ndinene pano, chitseko musavutike nacho, ndi felemu ya 813 yomwe ija ili paliponse, wilitcheya imalowa

AnaGama: Pa nambalayo mwalondola a Nyoni, koma 813 ndi mamilimita a thabwa la chitsekolo, si mpata wodutsa munthu. Mukatsekula, kunenepa kwa chitseko kumadya malo kumahinjesi, mbali inayo kuli kamlomo ka felemu komwe chitseko chimagunda. Aphunzitsi mukafika tsekulani chitseko chiime chilili ngati kona ya nyumba, ndiye muyeze kuchokera pa nkhope ya chitseko kufika pa kamlomo ka mbali inayo. Tikufuna osachepera masentimita 80, akakhala 90 ndiye mtendere. Wilitcheya wamba imakhala 60 mpaka 70 m'lifupi, koma manja a munthu amakhala kunja kwa mateyala akupalasa, ndiye mpata wa manjawo uwerengedwenso

A Yohane: Zala zanga ndi mboni, mafelemu achitsulo aja amasenda khungu

Aphunzitsi Jere: Tayeza. Kulunjika ku msewu, pakhonde madzi ali pa 50, uko pa ndodo ali pa 110, ndiye kusiyana ndi 60. Tayesanso motsatira khonde kupita mbali ya mtengo wa mango, pa mamita asanu ndi pa mamita sikisi, konseko pa ndodo tapeza 90, kusiyana 40. Chitseko chachikulu mpata wake ndi 76, ndipo chimatsekukira kunja pakhonde. Khonde ndi 120 m'lifupi. Pansi pa chitseko pali kachitunda ka simenti masentimita 4 kotchinga madzi. Kolido yopita ku ofesi ya komiti ndi 105, koma pakati pali pilala yotuluka, pamenepo ndi 92

AnaGama: Mwagwira ntchito aphunzitsi. Taonani tsopano, ku msewu 60 kuchulukitsa 12 ndi 720, mamita seveni ndi kanthu, ndipo mukamatalikitsa nthaka ikupitirirabe kutsika ndiye muzingoithamangitsa. Ku mango 40 kuchulukitsa 12 ndi 480. Ndiye rampu igone motsatira khonde kupita ku mango, yachepa ndi mamita awiri ndi theka pafupifupi popanda kuba malamulo. M'lifupi ikhale 120 poyenda penipeni, osawerengera kakhoma ka m'mphepete, kakhomako kakwere masentimita 10 kuti teyala lisagwere kunja. Pamwamba pakhale pafulati 150 kwa 150 moyang'anana ndi chitseko, chifukwa munthu kuti atembenuke pa wilitcheya amafuna bwalo la 150, pansi pomwe yathera pakhalenso pafulati polimba

Mai Namaseko ku Leeds: Pepani ndalowa mochedwa ndinali ku shifiti. Ine ndimakankha okalamba tsiku lililonse kuno, 1:12 ndi yowawa abale, pa mamita pafupifupi asanu msana umamva. Kuno ku England malamulo a zomangamanga amalola 1:12 pa mamita awiri okha, 1:15 mpaka mamita asanu, kenako payenera kukhala popumira. Bwanji tipange 1:15

AnaGama: Zoona mai, ku America amalola 1:12 kufika mamita naini musanaike popumira, maiko amasiyana, koma kugona kwambiri ndiye kwabwino kwa wokwera. 40 kuchulukitsa 15 ndi 600, mamita sikisi, tikaika popumira pakati ndi seveni ndi theka. Aphunzitsi malo alipo angati kufika pa kona?

Aphunzitsi Jere: Mamita seveni kuchokera pomwe pafulati pa m'mwamba pathere, kupitirira apo ndi mizu ya mango

A Nyoni: Mango aja musawakhudze, amfumu amaweruzira milandu pamenepo. Koma pali china chimene nonse simunachione, ndinu a mapepala inu. Malata a holo alibe gatala, madzi onse a padenga amagwera ndendende pamzere womwe mukuika rampuwo. Ikafika Januwale padzamera ndere, ndipo ngalande ya pansi pa khonde mukuitseka. Pafunika gatala, ndi payipi pansi pa rampu kuti madzi azidutsa. Pamwamba sindisalalitsa ndi chitsulo, ndidzadutsitsa tsache mopingasa konkire isanaume kuti pakhale pokhakhala, ndipo wina asadzabwere ndi polishi wofiira

AnaGama: Apo ndiye mwatithandiza a Nyoni, gatala ilowe mu bajeti. Zogwirira mbali zonse ziwiri pa masentimita 90 kuchokera pansi, paipi yachitsulo yoti dzanja lizungulire. Kachitunda ka 4 ka pachitseko kaja kagumulidwe, malire ake ndi sentimita imodzi ndi theka, mateyala ang'onoang'ono akutsogolo amakakamira pamenepo. Chitseko cha 76 chachepa, tigule felemu ya chitseko cha 90, mpata udzatsala cha m'ma 85. Koma a Nyoni musanagumule njerwa kokotani pulasitala pamwamba muone ngati lintala yapitirira mokwanira mbali zonse, ikakhala yaifupi khoma lidzang'ambika

A Nyoni: Holo ija inamangidwa ndi dothi pakati pa njerwa, lintala sindikulonjeza. Ndikaona mawa

A Yohane: Funso langa, mwayeza zonsezi poganiza wilitcheya ya m'chipatala ija. Yanga ndi ya mateyala atatu yopalasa ndi manja, ndi yaitali, bwalo la 150 ine sinditembenukamo. Ndipo chitseko chotsekukira kunja chikandipeza pakhonde la 120 ndibwerera kuti? Komanso mbali ya chogwirira chitseko pakhale kampata, ndikafika ndiime chammbali ndikoke

AnaGama: Kampata ako ndi masentimita 30 osachepera, ndipo pafulati pa 150 paja pakuwonjezera khonde pachitseko ndiye pobwerera papezeka. Za njinga yanu manambala a m'mabuku sakukwanira, aphunzitsi mukajambule ndi choko pa bwalo la netibolo rampu yonse ndi pafulati pake, muike njerwa ziwiri motalikirana 85 ngati chitseko, a Yohane adutsemo tione pomwe teyala likuponda mzere

Chikondi wa ku Joni: Nanga kolido ija ya 92 mwaisiya bwanji, tigumule pilala?

AnaGama: Pilala ija mwina yanyamula denga Chikondi, osaigwira. Kolido imafunika 120 kuti wilitcheya imodzi iyende bwino, 150 kuti ipatukane ndi woyenda pansi, 180 kuti ziwiri zidutsane. Pa 92 kulunjika adutsa, vuto ndi kukhota kulowa mu ofesi kuchokera mu kolido ya 105, chitseko cha ofesicho chikakhalanso 76 sizitheka

Mai Namaseko ku Leeds: Ofesiyo ingosamukira ku chipinda cha kutsogolo chosungira mipando chija, kutsika mtengo

Aphunzitsi Jere: Chipinda chimenecho a bungwe la maliro amasungamo mapoto, sangalole msanga. Ndipo chimbudzi sitinayeze nkomwe, chija chili kuseri chitseko chake ndi chaching'ono kuposa zonsezi

Mai Nangozo (wapampando): Chimbudzi chidikire msonkhano wa mwezi wamawa, ndalama yake palibe. A Nyoni Lolemba musayambe, kaoneni lintala kaye ndipo mutiwerengere matumba a 1:12 ndi a 1:15 padera, anthu avote ataona kusiyana. A Yohane Loweruka muli ndi mpata wopita ku bwalo la netibolo?

A Yohane: Loweruka ndili kumsika mpaka masana, aphunzitsi akonze cha m'ma 3, choko abweretse okha